Kupangiratu katundu kapena kudalira ovataimu: mmene liniya pulogalamu imagamulira

Funso: "Ndimayang'anira ntchito pa fakitale yaing'ono yopanga matumba oikamo chimanga ndi mbewu zina. Pa nthawi yokhazikika ya ntchito timatulutsa mabelo 500 pamwezi, ndipo ovataimu ikhoza kuwonjezera mabelo 100. Maoda athu ndi mabelo 300 mu Malichi, 450 mu Epulo, 700 mu Meyi ndi 550 mu Juni. Belo limodzi limatidya K40,000, pa ovataimu K46,000, ndipo kulisunga mwezi umodzi ndi K2,500. Abwana akufuna tizipanga mabelo 500 mwezi uliwonse, pamene aakauntanti akuti tisasunge sitoko koma tidalire ovataimu. Ndamva kuti liniya pulogalamu ingatigamulire. Ndiikonze bwanji?"

Yankho:

Bambo, musanatsegule n'komwe kompyuta, pali nambala imodzi imene ikugamula nkhani yanu, ndipo muli nayo kale m'manja. Belo la pa ovataimu limadula kuposa la nthawi yokhazikika ndi K6,000, pamene kusunga belo mwezi umodzi ndi K2,500. Mukalisunga miyezi iwiri mwalipira K5,000, ndipo mukadali pansi pa K6,000. Mukalisunga miyezi itatu mwalipira K7,500, ndipo pamenepo ovataimu ndiyo yotsika mtengo. Choncho pa mitengo yanuyi, kupangiratu katundu kuli ndi phindu ngati adikira miyezi iwiri kapena kucheperapo, ndipo kuli ndi kutaya akadikira itatu. Abwana anu ndi aakauntanti anu aliyense wagwira mbali imodzi ya zimenezi. Ntchito ya liniya pulogalamu, imene ndi njira ya masamu yopezera dongosolo labwino koposa mkati mwa malire amene muli nawo, ndiyo kuyerekeza njira ziwirizi pa belo lililonse, m'miyezi yonse nthawi imodzi, osaiwala kuti malo otsala pa makina mwezi umodzi sangapatsidwe kwa miyezi iwiri.

Modelo yake, kutanthauza nkhani yanuyi italembedwa m'masamu, imafuna zinthu zitatu zosadziwika pa mwezi uliwonse: mabelo opangidwa pa nthawi yokhazikika, amene tiwatche `R`, mabelo a pa ovataimu, amene tiwatche `O`, ndi mabelo otsala mu sitoko pakutha pa mwezi, amene tiwatche `S`. Maoda tiwatche `D`, ndipo kachilembo `t` kakuimira mwezi, kuyambira 1 mpaka 4. Ndikutenga kuti mukulowa Malichi sitoko ili yopanda kanthu.

```
min  Σ (40000*R_t + 46000*O_t + 2500*S_t)
S_(t-1) + R_t + O_t - S_t = D_t
0 <= R_t <= 500
0 <= O_t <= 100
S_t >= 0,   S_0 = 0
```

Mzere woyamba ndi ndalama zonse zimene tikufuna kuti zichepe. Mzere wachiwiri ndiwo mtima wa modelo yonse, ndipo ukunena chinthu chimene wosunga sitoko aliyense amachidziwa: zimene munagona nazo mwezi watha, kuphatikiza zimene mwapanga mwezi uno, kuchotsa zimene mwatsala nazo, ndizo zimene zapita kwa makasitomala. Onani kuti `S` ya mwezi umodzi ikupezeka m'mizere iwiri, potuluka m'mwezi wake ndi polowa m'mwezi wotsatira. Umo ndi mmene miyezi imalumikizirana. Pakadapanda sitoko, mukadakhala ndi timasamu tinayi tosiyana, ndipo ka Meyi kakadakanika, pakuti 500 kuphatikiza 100 sikufika 700. Apa maganizo a aakauntanti agwa kale: ngakhale mutagwiritsa ntchito ovataimu yonse ya Meyi, muyenerabe kulowa mwezi umenewo muli ndi mabelo osachepera 100.

Tiyeni tiyambe tawerengera pamanja, kuti kompyuta ikadzapereka yankho mudzathe kulizindikira ngati lili loona. Pa nthawi yokhazikika, Malichi ali ndi malo otsala a mabelo 200 ndipo Epulo ali ndi 50, pamene Meyi akuperewera 200 ndipo Juni akuperewera 50. Kuti tikwaniritse Meyi, njira yotsika mtengo kwambiri ndi mabelo 50 a Epulo, amene adikira mwezi umodzi pa K2,500. Yotsatira ndi mabelo a Malichi pa K5,000, ndipo ovataimu ya Meyi pa K6,000 ikubwera pambuyo pake. Motero titenga 50 ku Epulo ndi 150 ku Malichi, ndipo Meyi wakwana popanda ovataimu. Malichi watsala ndi malo a mabelo 50, ofanana ndendende ndi amene Juni akusowa, ndipo apa ndi pamene mtima umakokera kunena kuti tingodzaza makina. Koma belo la Malichi lofika Juni ladya K7,500, pamene ovataimu ya Juni ndi K6,000, choncho Juni apatsidwe ovataimu ya mabelo 50.

Dongosolo lake ndi ili: Malichi mupange 450, Epulo 500, Meyi 500, ndipo Juni 500 ndi ena 50 a ovataimu. Sitoko idzakhala 150 pakutha pa Malichi, 200 pakutha pa Epulo, ndipo idzatheratu mu Meyi. Mabelo 1,950 a nthawi yokhazikika ndi K78,000,000, mabelo 50 a ovataimu ndi K2,300,000, ndipo kusunga 150 ndi 200 pamodzi, amene ndi 350, ndi K875,000. Zonse pamodzi ndi K81,175,000.

Pali msampha umodzi pa kawerengedwe ka pamanja kamene ndikufuna muuonetsetse, chifukwa umakola anthu ambiri. Wina angati: bwanji mabelo 50 a Epulo tiwasungire Juni, pakuti miyezi iwiri ndi K5,000 yokha, yotsika kuposa ovataimu? Zikumveka bwino, koma mukatero mwalanda Meyi mabelo ake otsika mtengo, ndipo muyenera kumubwezera ndi mabelo 50 a Malichi, amene akudya K5,000 m'malo mwa K2,500. Mwapulumutsa K1,000 ku Juni ndipo mwataya K2,500 ku Meyi. Belo lilibe dzina la mwezi umene likupita. Chimene chimalipiridwa ndi kuchuluka kwa mabelo ogona mu sitoko pakutha pa mwezi uliwonse. Miyezi ikakhala inayi munthu angathe kutsata kusinthana kotereku ndi pensulo, koma ikafika khumi ndi iwiri, kapena mitundu ya matumba ikakhala itatu yogawana makina amodzi, mutu sungathenso, ndipo m'pamene njira ya simpulekisi yopezera yankho la liniya pulogalamu, imene George Dantzig anaikonza mu 1947, imagwira ntchito yake.

Tsopano tiyeze maganizo a akuluakulu anu awiri. Dongosolo la abwana la mabelo 500 mwezi uliwonse likukwaniritsa maoda onse popanda ovataimu, koma sitoko ikukhala 200, 250 ndi 50, ndipo zonse zikufika K81,250,000. Dongosolo loyandikira kwambiri maganizo a aakauntanti, lodzaza ovataimu ya Meyi ndi kusunga mabelo 100 okhawo osapeweka, likufika K81,275,000. Kusiyana ndi dongosolo labwino koposa ndi K75,000 pa loyamba ndi K100,000 pa lachiwiri, pa ndalama zopitirira K81,000,000. Ndikunena izi poyera chifukwa sindikufuna mupite kwa abwana mukulonjeza zazikulu. Pa manambala anuwa, phindu lenileni la modelo silili m'ndalama zimene yapulumutsa lero, koma m'mafunso amene ingakuyankheni mawa, ndiponso m'kukukakamizani kufufuza ngati K6,000 ndi K2,500 zili zoona.

Ndiyambe ndi K6,000, pakuti ndiyo imene ndikuikayikira kwambiri. Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limati ovataimu ya tsiku la ntchito ilipidwe pa malipiro a ola limodzi ndi theka, ndipo ya tsiku lopuma ilipidwe kawiri. Ngati mu K40,000 yanu muli K12,000 ya antchito ndi K28,000 ya zipangizo ndi magetsi, ndiye kuti ovataimu ikukweza gawo la antchito kufika K18,000, ndipo K46,000 yanu yachokera pamenepo. Funso ndi lakuti: kodi K12,000 imeneyo imachepadi mukapanga mabelo ochepa? Ngati antchito anu amalipidwa pa ganyu, potengera mabelo amene atulutsa kapena masiku amene aitanidwa, yankho ndi inde, ndipo zonse zimene tawerengera zili bwino. Koma ngati amalandira malipiro okhazikika a pamwezi, mudzawalipira chimodzimodzi kaya Malichi mwapanga 450 kapena 500. Pamenepo belo lowonjezera la nthawi yokhazikika likukudyani K28,000 yokha, pamene la ovataimu likudyabe K46,000 yathunthu, chifukwa K18,000 ija ndi ndalama yatsopano yotuluka m'thumba. Kusiyana kwasanduka K18,000, kumene kukuposa kutali K7,500 ya kusunga miyezi itatu, ndipo dongosolo labwino koposa lasanduka lija la abwana. Mu modelo muziika ndalama zokhazo zimene zimasintha mukasintha chiganizo. Lendi ya nyumba, malipiro a mlonda ndi kutha mphamvu kwa makina, zimene aakauntanti amazigawira pa belo lililonse polemba mabuku, zichotsedwe, chifukwa zimasokoneza kuyerekeza.

K2,500 nayonso ifufuzidwe. Gawo lake lalikulu nthawi zambiri ndi ndalama zomangika m'katunduyo: ngati mumagula zipangizo ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha 3% pamwezi, belo la K40,000 likudya K1,200 mwezi uliwonse likungokhala. Zotsalazo ndi malo osungiramo ngati mumachita kubwereka, inshuwalansi, kunyamula kawiri, ndi zowonongeka, pakuti matumba a pulasitiki amafumbutuka akakhala padzuwa ndipo makoswe sawasiya. Chokoma ndi chakuti simufunika kuidziwa nambalayi mpaka pa tambala. Dongosolo lathu likhalabe lomwelo malinga ngati mtengo wosunga uli pakati pa K2,000 ndi K3,000. Ukapitirira K3,000, miyezi iwiri yaposa K6,000, ndipo ovataimu ya Meyi iyamba kugwira ntchito m'malo mwa mabelo a Malichi. Ukatsika pansi pa K2,000, miyezi itatu yalowa pansi pa K6,000, ndipo ovataimu ya Juni itha. Choncho chimene mukufuna kwa aakauntanti ndi kukutsimikizirani kuti nambala yoona ili pakati pa malire awiriwa.

Palinso za kukwera kwa mitengo, zimene kwathu kuno sitingazinyalanyaze. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44% tsiku limodzi. Ngati mukudziwa kuti zipangizo zochokera kunja zidzakwera mu Meyi, musagwiritse ntchito K40,000 pa miyezi yonse, koma mwezi uliwonse muupatse mtengo wake. Komabe samalani: ngati mungathe kuguliratu zipangizozo ndi kuzisunga zosapangidwa, kukwera kwa mtengo si chifukwa chopangiratu matumba, koma chifukwa choguliratu zipangizo, ndipo zimenezo ndi sitoko ina yokhala ndi mzere wakewake.

Pa Excel mutha kuiyala motere. Miyezi inayi ikhale m'magawo `C` mpaka `F`; mzere 2 ukhale maoda, mzere 3 mabelo a nthawi yokhazikika, mzere 4 a ovataimu, mzere 5 sitoko, ndipo mu `B5` muike sitoko yoyambira. Fomyula yoyamba ili m'munsiyi ilowe mu `C5` ndipo muikokere mpaka `F5`. Yachiwiri ilowe mu `B7`.

```
=B5+C3+C4-C2
=40000*SUM(C3:F3)+46000*SUM(C4:F4)+2500*SUM(C5:F5)
```

Mu Solver, chida cha Excel chopezera yankho la masamu otere, `B7` ikhale `Min`, mabokosi osinthidwa akhale `C3:F4`, malire akhale `C3:F3<=500`, `C4:F4<=100` ndi `C5:F5>=0`, ndipo njira yake musankhe `Simplex LP`. Malire achitatuwa ndi amene amaiwalika, chifukwa munthu amaganiza kuti kuchonga `Make Unconstrained Variables Non-Negative` kwakwanira. Kuchonga kumeneko kumateteza mabokosi osinthidwa okha, ndipo sitoko yathu ndi fomyula. Mukaiwala, Solver idzakuuzani kuti musapange belo ngakhale limodzi, sitoko idzatsika pansi pa ziro mpaka kuperewera mabelo 2,000, ndipo mtengo wonse udzaoneka -11,250,000. Mukaona zotere, dziwani kuti vuto lili pamenepo. Musalikonze poika `MAX` kapena `IF` mu fomyula ya sitoko, chifukwa zimenezo zimathyola mzere wowongoka umene simpulekisi imadalira, ndipo Solver idzakana kapena kukupatsani yankho losadalirika.

Uthenga wina umene mudzakumana nawo ndi `Solver could not find a feasible solution`. Ukabwera, musayambe kusintha mitengo, pakuti mitengo siikhudza kutheka kwa dongosolo. Phatikizani maoda mwezi ndi mwezi, muyerekeze ndi zonse zimene mungathe kupanga kufika mwezi umenewo. Anu akupereka 300, 750, 1,450 ndi 2,000, pamene mphamvu yanu ikupereka 600, 1,200, 1,800 ndi 2,400, choncho palibe mwezi umene mzere woyamba ukuposa wachiwiri. Mwezi woyamba umene zimenezi zingachitike ndiwo muli vuto, ndipo sitoko singalithetse, chifukwa imanyamula katundu kupita naye m'tsogolo mokha. Ndi bwinonso kuti 500 ija musaiike yofanana m'miyezi yonse ngati mukudziwa kuti mwezi wina uli ndi maholide ambiri kapena magetsi amazimazima. Ikani nambala imene makina anatulutsadi m'miyezi yofanana nayo m'mbuyomu.

Tsopano ku mafunso a mawa aja. Tinene kuti kasitomala waimba foni kufuna mabelo ena mu Meyi. Belo limenelo silikudyani K40,000, ngakhalenso K46,000, koma K45,000, chifukwa lidzapangidwa mu Malichi, mmene mukadali malo, ndi kudikira miyezi iwiri. Mtengo umenewu ukugwira ntchito pa mabelo 50 okha. Malichi akadzaza, mabelo 100 otsatira adzachokera ku ovataimu ya Meyi pa K46,000. Momwemonso belo lowonjezera mu Malichi ndi K40,000, mu Epulo K42,500 ndipo mu Juni K46,000. Manambala amenewa ndi amene wokambirana mitengo ndi makasitomala ayenera kukhala nawo, ndipo njira yosavuta yowapezera ndi kuwonjezera oda ya mweziwo ndi belo limodzi, kuyendetsanso Solver, ndi kuona mmene `B7` yakwerera. Akuuzaninso nthawi yabwino yoimitsa makina kuti akonzedwe. Kutaya malo a mabelo 50 mu Malichi sikukudyani kalikonse, pamene kutaya malo omwewo mu Juni kukudyani K6,000 pa belo.

Simunatchule kukula kwa nyumba yanu yosungiramo, koma dongosolo lathu likufuna malo a mabelo 200 pakutha pa Epulo. Tinene kuti imakwana 120 okha. Mukawonjezera malire akuti `C5:F5<=120`, dongosolo lisintha: Malichi mupanga 370, Epulo 500, ndipo Meyi afuna ovataimu ya mabelo 80. Mtengo ukwera ndi K80,000, kutanthauza K1,000 pa belo lililonse limene lasowa malo, kumene ndi kusiyana kwa K6,000 ndi K5,000. Ndiye wina akakubwereketsani chipinda cha mabelo 80 pa ndalama zowonjezera zoposa K80,000, mumukane, pakuti ovataimu ndiyo yotsika mtengo. Koma nyumbayo ikadakhala ya mabelo 90, nkhani sikadakhalanso ya mtengo: Meyi sakadakwanira mwanjira iliyonse, ngakhale kuwerengera kwa maoda ophatikiza kuja kukuoneka bwino.

Cholakwika chimene modelo yotere imachita mwakachetechete chili kumapeto kwake. Iyo imaganiza kuti dziko likutha pa 30 Juni, choncho nthawi zonse imasiya sitoko yopanda kanthu. Ngati Julayi ali ndi maoda ochepa, palibe vuto. Koma tinene kuti Julayi akufuna mabelo 700, popeza alimi ndi ogula mbewu amakhala akadali pa ntchito yosunga zokolola. Ovataimu ya Julayi ipereka 100, ndipo 100 enawo ayenera kuchokera m'mbuyo: 50 ku ovataimu yotsala ya Juni pa K8,500, ndi 50 ku malo aja a Malichi pa K10,000, amene akutsikabe poyerekeza ndi ovataimu ya Meyi pa K11,000. Mwaona kuti mwezi umene sunali mu modelo wasintha chiganizo cha mwezi woyamba, kuchoka pa 450 kufika pa 500. N'chifukwa chake muyenera kuwonjezera miyezi iwiri kapena itatu kupitirira imene mukuifuna, ngakhale maoda ake akhale ongoyerekeza, kapena kuika malire a sitoko yocheperapo imene muyenera kutsala nayo pomaliza. Ndipo dongosololi musalikhome pakhoma kwa miyezi inayi. Chitani za Malichi zokha, ndipo pakutha pa mwezi werengani mabelo amene alidi mu sitoko, muwaike mu `B5`, mukonze maoda, muwonjezere mwezi wina kumapeto, ndi kuyendetsanso.

Ngati manambala a Meyi ndi Juni ndi ongoyembekezera osati maoda osainidwa, kulowa Juni muli ndi sitoko ya ziro ndi kudziika pangozi. Sinthani `C5:F5>=0` kuti ikhale, mwachitsanzo, `C5:F5>=30`, ndipo muone mtengo wake musanagamule. Nambala ya 30 imeneyo muitenge poona mmene kuyerekeza kwanu kunaphonyera m'zaka zapitazi, chifukwa liniya pulogalamu payokha imatenga maoda ngati otsimikizika.

Za mabelo odukaduka musadandaule. Modelo ya katundu wa mtundu umodzi ngati iyi ili ndi maonekedwe a masamu a kutumiza katundu kuchokera ku malo angapo kupita ku malo ena, monga Edward Bowman anaonetsera mu 1956, ndipo maoda ndi malire akakhala manambala athunthu, simpulekisi imaperekanso manambala athunthu. Chimene chingaithyole ndi ndalama yolipidwa kamodzi mosatengera kuchuluka kwa mabelo. Ngati kuyendetsa ovataimu mu Juni kukutanthauza kulipira basi yotenga antchito usiku ndi kapitawo wapadera, tinene K100,000 kaya mabelo ndi 5 kapena 50, ndalama imeneyo siikula ndi mabelo, ndipo siingalowe mu K46,000. Imafuna bokosi lina la inde kapena ayi pa mwezi uliwonse, limene Solver imalitcha `bin`. Kwa inu, komabe, pensulo ikukwanira: ovataimu ya Juni ikukupulumutsirani K75,000 yokha, choncho ndalama yolipidwa kamodzi ikaposa pamenepo, pangani mabelo 500 mu Malichi ndipo antchito aziweruka pa nthawi yake mu Juni.